Siginecha ya Achimwene

Pa sitolo ya matabwa amawatchula Mayi Chidindo. Akhala pa desiki lomwelo, pansi pa shelefu ya misomali, kuyambira utsikana wawo, ndipo macheke obwezedwa ndi banki amafikira m'manja mwawo. Zifukwa za anthu sazikhulupirira. Amati wangongole aliyense amayenda ndi maliro m'thumba, oti awatulutse tsiku lolipira.

Lachiwiri lina banki inabweza cheke cha kalipentala amene ankatenga matabwa pangongole. Kalipentalayo ndi mchimwene wawo, amene anawalera n'kuwaphunzitsa sukulu ndi ndalama za mipando. Banki sinanene kuti mu akaunti mulibe ndalama. Inati siginecha ikusiyana ndi imene iwo amasunga.

Mayi Chidindo anachiyang'anitsitsa chekecho. Dzina limene kale linkaima chilili ngati mwendo wa tebulo linali lonjenjemera, zilembo zomalizira zitagwera kunsi kwa mzere. Pamenepo anakumbukira kuti miyezi imeneyi achimwene ankanyamula kapu ndi dzanja lamanzere, n'kumati akuliphunzitsa ntchito chifukwa ladya zaulere nthawi yaitali.

Bwana wa sitoloyo anawakumbutsa kuti lamulo silidziwa chibale: ndalama zikapanda kulowa pofika Lachisanu, kalipentalayo sadzatenganso thabwa pangongole.

Mayi Chidindo anayamba kulembera achimwene uthenga pa foni. Woyamba unali umene amatumizira aliyense, wotchula maloya. Anaufufuta. Wachiwiri unadzaza ndi “musadandaule”, ndipo analonjezamo kulipira okha mwezi ukatha. Atauwerenga anaona kuti akulankhula ndi wodwala, osati mmisiri. Wachitatu ndi umene anatumiza:

“Achimwene, banki yabweza cheke chanu cha matabwa chifukwa siginecha ikusiyana ndi imene amasunga. Musalembe china musanakasinthe siginecha ku banki. Lipirani pofika Lachisanu, pamodzi ndi ndalama imene banki yatidula. Mukhoza kutumiza pa foni kapena kuika mu akaunti ya sitolo. Nambala zake ndi izi.”

Ndalama zinalowa pa foni Lachinayi, zokwanira. Mayi Chidindo anaganiza kuti nkhani yatha bwino.

Lachisanu achimwene anafika ndi galimoto yahayala, itanyamula matabwa omwewo, osadulidwa n'komwe. Anapempha bwana kuti awagulitsire kwa wina. Kenaka anaima pa desiki, dzanja lamanja lili m'thumba. Anati akazi awo ndi ana akhala akuwauza kuti dzanjalo likuchira, iwonso n'kumavomera.

“Iwe wekha, mlongo wanga, ndiwe wandilembera ngati ndikadali munthu. Koma dzanja lolephera bolopeni lingagwire sowo?”

Mlongoyo anati matabwa angathe kudikira, thabwa siliwola mwezi umodzi. Achimwene anaseka pang'ono, nati Mayi Chidindo ayamba liti kukhulupirira zifukwa.

Pepala lobwezera katundu linafunika siginecha. Mayi Chidindo anatsegula kabokosi ka inki ya chidindo, nagwira chala chachikulu cha achimwene, chokhakhala ndi zipsera za tchizulo, n'kuchidinda okha papepalapo.