A Stanislaus ndi kope lawo

A Stanislaus anaphunzitsa ku Kabwazi zaka makumi atatu. Atapuma ntchito anayamba kumakhala pa mjigo wathu ndi kope, kulemba uku akuyang'ana ana. Sindinawakhulupirire, poti mwana ndili naye mmodzi yekha, Tikondwe, wa zaka zisanu. Mwana akangolankhula, cholembera chawo chinkayenda.

Lachitatu lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa.

"Aphunzitsi, mwana wangayu mukumulemberanji?"

Anati bungwe lina la ku Lilongwe likupanga makatuni ophunzitsa kusamba m'manja, ndipo iwo akukonza mawu a anthu ojambulidwawo. Anandiwerengera omwe anachokera kutauni: "Amayi, ndikofunika kwambiri kuti tisambe m'manja ndi sopo tisanayambe kudya."

"Mwana wake uti angatero?" anatero. "Wolankhula mawuwa m'katunimo anathera mpweya panjira. Nthawi zonse mawu amatepa kaye, kenako ojambula amayendetsa milomo motsatira mawuwo. Akatalika, kamwana kamangoyasama ngati chule."

Anandionetsa kope lawo, ataphimba ndi chala mayina opeka a m'katunimo, kuti ndilote amene analankhuladi mawuwo. "Sopo uja mwabisa kuti? Njalatu ine!" Ameneyo anali Tikondwe ndithu. Pansi pake panali "Iwe, manjawo!" Ndinachita manyazi, poti ameneyo ndinali ine.

Koma manyazi sanachotse mantha. Ndinasanthula kope lonse kufunafuna dzina la mwana kapena la mudzi wathu, osalipeza.

"Mawuwo tengani," ndinatero, "koma mukafuna ena muzifunsa ine."

Kuyambira tsikulo, ku mjigo ndimapita ndekha. Tikondwe amatsala ndi apongozi.