Moni wa kwa Malume a Yobu

Anzanga, Deo wangayu ndinakumana naye chifukwa cha mbuzi za malume anga.

Ndinali pa siteji ya bajaji, njinga zamoto za matayala atatu zija, ku Upanga mu Dar es Salaam, nditangotuluka m'kalasi ya unamwino, ndikujambula voice note yopita kwa malume a Yobu ku Dedza. Nditatumiza, wina anaseka kumbuyo kwanga.

"Jamani dada, moni mpaka kwa mbuzi?"

Chichewa chake chinali chotsimphina, koma chinali Chichewa! Anali Deo. Anabadwira ku Kawe mu Dar momwemo, makolo ake ndi a ku Nkhotakota, ntchito ndi ya mu famase. Tinakwera bajaji imodzi. Zotsatira zake mukuzidziwa kale... kudya chipsi mayai, tchipisi cha mazira chija, kuyenda m'mbali mwa nyanja, ine kumangomwetulira ndekha ngati wopepera.

Patatha chaka anati, "Chimwe, ndikufuna ndikukwatire."

"Mwini mbumba ndi malume," ndinatero. "Yamba wawalonjera, akudziwe."

Anatumizadi voice note, pa foni ya akazi awo, poti ya malume ndi ya mabatani. "Shikamoo malume, muli bwanji? Ndine Deo." Basi! Masekondi asanu.

Ma tick anasanduka blue. Sabata yathunthu, yankho zii.

Ndinamukhazika pansi.

"Deo, kwathu voice note samvera munthu mmodzi. Amaika pa loudspeaker pakhonde, banja lonse lili tcheru. Uyambe ndi dzina lako, bambo ako ndi ndani, kwanu n'kuti. Kenako ufunse za moyo wawo, mwendo wawo wa nyamakazi uja, mayi a kunyumba ndi ana. Upepese maliro a alamu awo a mwezi watha, ukalumpha pamenepo ndiye kuti sunalonjere. Ufunse za mvula ndi kumunda. Ukatero unene za kuno, kuti tili bwanji. Za ukwati usatchule, zimenezo n'za ankhoswe. Pomaliza upereke moni kwa onse."

"Na mbuzi?"

"Mbuzi ndi bonus."

Analemba zonse pa kapepala ka mankhwala. Mawa lake anati watumiza.

Malume anayankha tsiku lomwelo, koma kwa ine.

"Chimwe, mnyamatayu ndi waulemu, Chichewa chake ngati cha pa wailesi. Komatu iwe unati kwawo ndi ku Nkhotakota. Nanga bwanji uyu akuti ndi mwana wa a Tomasi a ku Ntcheu? Alipo angati anyamatawa?"

Ndinapempha kuti andichitire forward voice note ija. Mawu aja sanali a Deo. Anali a Maclean, mnzake wa ku kwaya. Anatsatira kapepala bwinobwino, koma atafika pa bambo ndi kwawo, pakamwa panatchula zimene panazolowera.

"Niliogopa, Chimwe," anatero Deo. "Ndimaopa kuti andiseka."

"Ndiye panopa akuseka ine! Khonde lonse likuganiza kuti ndili ndi amuna awiri ku Dar. Wanamiza malume, wandinamizanso ine."

Zinandipweteka, sindikubisirani. Munthu amene ndimafuna kumupatsa moyo wanga analephera kupereka ngakhale mawu ake. Masiku asanu sindinayankhe foni yake.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi akazi a malume ananditumizira voice note ina. Mphindi zinayi. Kumbuyo kukumveka mahutala a bajaji.

"Malume, ine ndine Deogratias, mwana wa a Nicodemus, kwathu Nkhotakota, koma sindinafikeko. Uja wa juzi, wa tsiku lija, sanali ine. Ndinanama. Chimwe samadziwa, musamukwiyire. Mwendo wanu... unaendeleaje, ukupeza bwanji? Pepani maliro a alamu anu. Ine bambo anga anamwalira chaka chatha, ndikudziwa mmene nyumba imakhalira zii."

Anafunsa za mayi, za ana, za mvula. Anati kuno kukutentha kwambiri, ndipo iye sali bwino chifukwa ine ndakwiya. Atapereka moni kwa onse anawonjezera kuti, "Ndi mbuzi zomwe."

Ndinaseka misozi ili mbwembwembwe.

Posakhalitsa inafika ya malume, kumbuyo anthu akufa ndi phwete.

"Chimwe, Chichewa cha mwanayu chikufuna ndodo ngati mwendo wangawu. Koma atafika pa mawu a maliro paja tonse tinakhala chete. Wa ku Ntcheu uja amawerenga, uyu amatilonjera. Umuuze atumize ankhoswe ake. Mbuzi zadzuka bwino, imodzi yaswa."

Sindinamukhululukire msanga, ndinamusiya avutikeko mpaka Lamlungu. Koma anzanga, ngati mukulonjera akwanu akutali, ikanimo zonse zija, ndipo mawu akhale anuanu. Chichewa chothyoka malume anachilandira. Chimene chinatsala pang'ono kundilanda mwamuna chinali chosalala chija.