Ana Khumi ndi Mmodzi a Anti Belu

Dzina lakuti Belu anamupatsa ndi makolo a ana, chifukwa sukulu yake ya mkaka sinafunepo belu. Mayiyu akaima pakhonde n'kufuula kuti "Tiloweee!", ngakhale mwana amene akadali kuseri kwa shopu yowotcherera zitsulo ankaliyatsa liwiro. Sukuluyo inali pabalaza pa nyumba yake: mikeka iwiri, bolodi lopachika pa msomali, ndowa ya madzi osamba m'manja ndi timipando tapulasitiki tomangamanga ndi waya. Anayamba ndi ana atatu chaka chimene mwamuna wake anamwalira. Patapita zaka zisanu ndi zinayi anali ndi ana khumi ndi mmodzi, onse osakwana zaka zisanu.

Chifuwa chitayamba, anati ndi fumbi la choko. Kenako mawu anasasa, ndipo kukhosi kunayamba kupweteka pomeza, ululu wake wofika mpaka m'khutu. Pamenepo aliyense anasanduka dokotala. Uyu akuti ndimu, uyo akuti uchi, wina akuti madzi amchere.

"Belu lachita dzimbiri!" ankamuseka azimayi pobweretsa ana m'mawa. "Mwaonjeza kufuula, Anti."

Iye ankaseka nawo. Munthu woimba ndi ana tsiku lonse, mawu angalephere bwanji kutha? Poopa kuti mphepo ikulitsa chifuwa, anayamba kutseka mawindo onse, mpaka kutsekera sanza pomwe galasi linasweka. Apa m'pamene analakwitsa, ndipo ndikunena ndi chisoni, chifukwa ankaona ngati akuchita zanzeru.

Amene sanaseke ndi mng'ono wake, telala wosoka pakhonde la nyumba yomweyo. Iyeyu ankaona kuti madzulo aliwonse thupi la mkulu wake likutentha, ndipo siketi yayamba kufuna pini. Tsiku lina anamupeza akuyanika nsalu zofunda kachitatu sabata imodzi.

"Achemwali, mwayamba kukodza pogona ngati ana anuwa?"

"Ndi thukuta, iwe," anayankha Anti Belu monong'ona.

"Thukuta, kukuzizira chonchi? Valani, tikupita kuchipatala."

Dokotala anamvetsera osamudula mawu, kenako anafunsa kuti chifuwacho chatha nthawi yaitali bwanji. Zinali sabata zisanu ndi ziwiri.

"Amayi, mawu otha chifukwa chofuula amabwerera mukapuma masiku angapo," anatero dokotala. "Koma kusasa mawu ndi kupweteka kukhosi, pamodzi ndi chifuwa chosatha, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, timaganizira chifuwa chachikulu, TB. Nthawi zina imafika mpaka kukholingo. Sindikuti ndi imeneyo. Tiyeze kaye."

Anamupatsa kabotolo kolavuliramo. Koma kutsokomola kunali ngati kumeza lumo, choncho anangolavula pang'ono n'kubwera nako. Woyeza anakayang'ana n'kumupatsa kena.

"Awa ndi malovu, amayi. Tikufuna makhololo ochokera pansi pa chifuwa."

Anti Belu anapita panja, kutali ndi anthu. Anagwira waya wa mpanda, anapuma mozama katatu, n'kutsokomola mpaka misozi mbwe. Kabotolo kachiwiri woyeza uja sanakabweze. Anamujambulanso pachifuwa ndi kumuyeza magazi.

M'mawa mwake yankho linabwera: TB, ya m'mapapo ndi kukhosi komwe. Dokotala anati imachizika, mankhwala tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, osadumpha. Anamuuza kuti apumitse mawu, atsegule mawindo, ndipo atalikirane ndi ana mpaka achipatala atamulola. Ndiye anafunsa amene amakhala nawo.

"Mng'ono wanga," ananong'ona. "Ndi ana khumi ndi mmodzi, kuyambira m'mawa mpaka madzulo."

Dokotala anaika cholembera pansi. Anafotokoza kuti ana aang'ono choncho TB imawalowerera msanga, ndipo onse ayenera kuonedwa. Amene alibe zizindikiro apatsidwa mankhwala oteteza, amene akuonetsa zizindikiro ayezedwa mokwanira.

Panjira mng'ono wake anamugwira dzanja. "Ingotsekani sukulu, munene kuti mwatopa. Azaumoyo akauze okha makolowo. Mukaonekera inu, palibe adzabweretsenso mwana."

Anti Belu ankadziwa kuti telalayo sakunama, ndipo mantha anali nawo ndithu. Koma ankawadziwanso makolo ake. Mlendo wonyamula kabuku akanagogoda yekha, theka la iwo likanamuuza kuti mwana wapita kwa azakhali.

Choncho anayenda yekha khomo ndi khomo, mayi wazaumoyo ali pambali pake. Ankavala chotchinga kukamwa, n'kuima panja patali ndi chitseko, atanyamula kabolodi ka ana. Pamenepo anali atalembapo ndi choko kuti: "Ndapezeka ndi TB. Pepani. Mwana akaonedwe kuchipatala." Zotsala ankafotokoza wazaumoyo. Ena analira, ena anamuthokoza, bambo wina anamutukwana mpaka agalu anauwa. Iye ankangodikira kuti amalize, n'kulozanso kabolodi. M'masiku anayi ana khumi anali atafika kuchipatala.

Anatsala mmodzi, mnyamata wa zaka zitatu amene Anti anamutcha Kadzidzi, chifukwa anzake akagona masana iye ankangoti maso tong'o. Mayi ake ankaluka tsitsi musaluni, kuchoka m'bandakucha n'kubwera dzuwa litalowa. Kawiri anakana kutsegula. Kachitatu Anti Belu anawatsatira kusaluni komweko, n'kuima panja pa msewu mpaka mayiyo anatuluka, chipeso chili m'manja, mwana atakangamira siketi.

"Mukufuna kundithamangitsira makasitomala? Mwana wanga ali bwinobwino. Mwatipweteka kale, mukufunanso chiyani?"

Anti anakweza kabolodi, koma mayiyo anayang'ana kumbali. Choko chinali chitalephera. Ndiye anagwiritsa ntchito mawu aja anamuletsa, okhadzula ngati chitseko chakale, liwu lililonse likumucheka kukhosi.

"Mayi a Kadzidzi, mwanayu akumagona masana. Sabata zitatu tsopano. Chakudya mumamulongedzera chija akumabwera nacho kwa ine kuti ndimuthandize. Ine ndinkasangalala, ndinkati wakhazikika." Anapuma, n'kutsokomolera kumbali. "Inu mumamuona usiku. Masana ndimamudziwa ndine. Sali bwino."

Mayiyo anayang'ana Kadzidzi. Anawerama n'kunyamula mwana wake, ndipo anakhala kanthawi atamunyamula choncho, ngati munthu woyesa kulemera kwa thumba. Kenako anaponya chipeso mkati, anauza mnzake kuti amalize mutu wa kasitomala, n'kutsatira wazaumoyo.

Mwa ana onse khumi ndi mmodzi, Kadzidzi yekha ndi amene anapezeka ndi TB. Anaipeza isanafike patali.

Patatha mwezi Anti Belu ndi mayi a Kadzidzi anakumana pabenchi la chipatala, aliyense atabwera kudzatenga mankhwala. Anti Belu mawu anali atayamba kubwerera, thukuta litasiya. Kadzidzi atamuona anafuna kuthamangira komweko, koma mayi ake anamukoka malaya n'kumukhazika pamiyendo. Mayiyo polankhula sanamuyang'ane Anti Belu.

"Akachira, kwanu sadzabweranso."

Zinamupweteka Anti Belu, pakuti mwanayu anamulandira asanayambe kuyenda. Anayang'ana timasaya take tomwe tinali titayambanso kudzaza.

"Asabwere," anatero. "Koma mankhwalawo asadumphe tsiku."