Mankhwala a Chifuwa Amene Anandichotsa Ntchito ku Thyolo

Ndinayendetsa lole ya tiyi ku Thyolo zaka zambiri. M'mawa uliwonse ndinkatsetsereka m'chifunga, fungo la masamba othyoledwa kumene likudzaza m'galimoto. Mpaka lero ndimalilota fungo limenelo.

M'nyengo yozizira ya chaka china ndinadwala chifuwa chosagonetsa. Mlongo wanga, namwino wa ku mishoni, anandipatsa botolo la mankhwala amadzi lomwe linatsala kwa mwamuna wake. Kwathu mankhwala otsala sitimataya, timapatsana ngati mchere.

Patapita masiku awiri, madalaivala tonse anatiitanira ku chipatala cha esiteti kukayezedwa mkodzo. Pepala lomwe anatipatsa linafunsa ngati ndikumwa mankhwala alionse. Ndinalemba kuti ayi, poti kwa ine a chifuwa sanali mankhwala owerengera. Ndinalibe mantha, ine wa mpingo wa Sabata wosalawa ngakhale tiyi amene ndinkanyamulayo.

Kachipangizo koyezera mkodzo kanaonetsa kuti m'thupi mwanga muli zoledzeretsa. Nditawaonetsa botolo lija, adokotala anati munali kodini, yemwe poyeza amaoneka ngati mankhwala ozunguza bongo.

"Bambo, tionetseni kabuku kanu ka kuchipatala pamene anakulemberani, nkhani ithere pompano," anatero.

Palibe anandilembera. Kutchula mlongo wanga kukanamuvulaza pa ntchito yake, choncho ndinangopereka makiyi a lole, ntchito n'kuthera pomwepo.

Tsopano ndimalima chimanga ku Thekerani. Lole ikalira patali m'mawa, ndimaimika khasu, phazi langa n'kumafunafuna kilatchi m'dothi.