Madzi Amene Anakana Kutuluka M'makina a Asiatu

Ku Nkopola mukafunsa za Asiatu, anthu akulozerani kuseri kwa loji ina, kumene alendo safikako. Kumeneko kuli kachipinda ka malata, zingwe zinayi zoyanikapo, ndi mayi wamfupi wa manja osuluka ndi sopo. Wachapa pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anayamba ndi beseni ndi mwala, ndipo eni loji atagula makina aja otsegula pamwamba, iye anawanyoza mwezi wathunthu kuti ndi aulesi, sadziwa kolala ya shati. Kenaka anagwirizana nawo. Ankawadziwa ndi khutu, moti ali panja pa chingwe ankatha kukuuzani kuti tsopano akutapa madzi, tsopano akutaya, tsopano akufinya.

Amuna ake, a Bakali, anali msodzi wa usipa, munthu wosalankhulalankhula. Akamasoka ukonde ankang'ung'udza nyimbo kukamwa kuli kotseka, nyimbo yake imodzimodzi chaka ndi chaka. Anali ndi makabudula awiri a kunyanja, wobiriwira ndi wakuda, ndipo anali ndi chithumwa chimene mayi awo anakawalembetsera kwa shehe wina ku Lungwena ali mnyamata: kachikopa kosokedwa, kakang'ono ngati chala chamanthu, kokhala ndi kaulusi. Kankakhala m'kati mwa mpendero wa m'chiuno, mmene mumadutsa chingwe cha kabudula. Kabudula mmodzi akapita kochapidwa, chithumwa chinkasamukira mwa mnzake. Wosamutsa anali Asiatu. A Bakali sankafunsa n'komwe, monga mmene mwamuna safunsira ngati m'ndiwo athiramo mchere.

Mu Julaye mwera unawapeza pakati pa nyanja, atavala wakuda uja. Anzawo anayi anapulumuka, koma iwo sanapezeke, ngakhale anthu anasaka sabata yonse. Pa maliro opanda mtembo amenewo, apongozi ake a Asiatu, Abiti Chande, mayi wokalamba amene maso anali atayamba kuchita khungu, anamugwira dzanja nafunsa funso limodzi lokha.

"Anapita nacho?"

"Anapita nacho, amayi. Ndinamanga ndi manja angawa."

Anayankha mosazengereza, ndipo sankanama mwadala. Ankadziona ndithu ali pa khonde, akulowetsa kachikopa kaja mumpendero. Koma anachita zimenezo kambirimbiri pa zaka makumi awiri, ndiye tsiku limene ankalionalo linali liti? Funso limeneli linamudya miyezi inayi yonse ya eda, imene mkazi wamasiye amakhala pakhomo. Anafufuzapo m'zovala za malemuwo kamodzi, koma anafufuza ngati munthu wosafuna kupeza: kupisa m'matumba, kukutumula pang'ono, basi n'kumanga mtolo. Sanapeze kanthu, ndipo mtima wake unatsamira pamenepo.

Eda itatha, uthenga unabwera woti Abiti Chande abwera Lachinayi ndi abale kudzagawa zovala. Zovalazo zinali zitanunkha nkhungu. Kuchapa kunali koyenera, koma kuti Asiatu azitengere kunyanja, akaviike shati la a Bakali m'madzi omwe aja, miyendo inakana. Lachitatu m'mawa anasenza mtolowo n'kupita nawo kuntchito.

Loji inali zii tsiku limenelo, popanda mlendo ngakhale mmodzi. Dzuwa la Novembala linali litayamba kale kuotcha malata. Asiatu, amene ankakalipira aliyense wodzazitsa makina, anaunjikamo mtolo wonse nthawi imodzi kuti zithe msanga, n'kuika madzi ochuluka. Makina anatapa madzi bwinobwino, anachapa bwinobwino. Itakwana nthawi yotaya madzi, iye ali pa chingwe panja, anamva kuti paipi siikulavula kanthu mu ngalande. M'malo mwake munkamveka kulira kwapansipansi, mmmm, kosakwera, kosatsika.

Anaima ndi thaulo m'manja. Kulira kumeneko ankakudziwa, koma osati kwa makina.

Analowa, natsegula chivundikiro. Kulira kuja kunaleka pomwepo, ngati munthu amene wasiya nkhani poona kuti mwalowa. Madzi anali odzaza mpaka m'khosi, otuwa, osagwedezeka, ndipo ankanunkha usipa ndi parafini wa nyali ngakhale anathiramo sopo wambiri. Pamwamba pankayandama shati la mizeremizere, msana uli kumwamba, mikono itatambasuka. Anatseka. Mmmm. Anatsegula. Zii. Anati apise dzanja avuule zovalazo, koma mkono wa shati unamukulunga pa dzanja, ndipo anabwerera chafutambuyo mpaka kugunda khoma.

Celestina, woyang'anira zipinda, anamupeza atakhala pa ndowa yovundikira, akuyang'ana makinawo. Anasuzumira m'kati, nazindikira shati lija, pakuti a Bakali ankabwera nalo kudzagulitsa nsomba kukhitchini. Sanamudzudzule. Anangotulutsa foni n'kuitana a Mustapha.

A Mustapha ndi bambo wa imvi wa ku Mangochi boma, amene amakonza mafiriji ndi makina m'maloji onse a m'mbali imeneyo. Sakhulupirira kuti makina ali ndi mtima, ndipo amanena zimenezi kwa aliyense ngakhale sanafunsidwe. Anafika pa njinga yamoto dzuwa lili paliwombo.

"Che Mustapha, akukana kutaya madzi," anatero Asiatu. "Ndipo akung'ung'udza."

"Makina sakana, mayi. Amalephera. Kufinya kokha ndiye sangayambe madzi ali m'kati chonchi, anapangidwa choncho. Tiyambe ndi chapafupi."

Anamuonetsa kachitsulo kakang'ono kunsi kwa chivundikiro, ndi kabowo ka m'mphepete kamene kachitsuloko kamalowamo. M'kabowomo ndi mmene muli swichi youza makina kuti atsekedwa. Anatsitsa chivundikiro pang'onopang'ono khutu lili pafupi, ndipo kunamveka kuti tha. Kulira kuja kunayambanso.

"Mwamva? Swichi ili moyo. Ikanafa, akanangoti duu osalira, chifukwa akanaganiza kuti akadali otsegula. Amene akulirayo ndi pampu. Moto ukufika, koma china chake chaigwira."

Anazimitsa makina, nazula pulagi pakhoma. M'chipindamo munangoti zii, moti Asiatu ankamva madzi akudontha kuchokera pa thaulo lija. A Mustapha anachotsa paipi yotayira madzi pa ngalande n'kuitsitsira m'ndowa pansi. Madzi odzaza chonchija akanayenera kuthamanga okha, koma anangotuluka timadontho. Anapuliza m'paipimo, naiwongola pamene inapindika, koma sizinasinthe.

"Ndiye tikapa ngati bwato," anatero.

Mawu amenewo anamulasa Asiatu, koma bamboyo sanaone. Anavuula zovala ndi manja awo opanda mantha aja n'kuziponya m'beseni, ndipo Celestina anagwira jagi n'kuyamba kukapa. Asiatu ankangolandira ndowa n'kukataya panja. Zinakwana zisanu ndi imodzi.

Kenaka anakoka makinawo, namasula chitsulo chakumbuyo, nagona chammbali pa simenti ndi tochi m'kamwa. Pampu inali pansi penipeni, kanthu kakuda kokhala ndi mapaipi awiri, ina yochokera ku mgolo wochapiramo zovala, ina yopita kunja. Anaika beseni, napana chomangira paipi ndi pulayala, n'kuzula paipi yochokera ku mgolo. Madzi otsala anakhuthuka, akuda bii. Analowetsa chala m'kamwa mwa pampu kuti azungulitse timapiko take, koma sitinasunthe.

"Ulusi wakulunga timapiko apa," anatero atalavula tochi. "Ndipo pali china chatsekera pakhomo. Mukadzazitsa, tinthu ting'onoting'ono timayandama n'kudumphira kuseri kwa mgolo, ndiye madzi amatikokera kuno. Nthawi zambiri ndimapeza sokosi ya mwana, kapena ndalama yachitsulo."

Asiatu anatembenuka. Maso ake anali pa beseni la zovala, pamene kabudula wobiriwira anali pamwamba, mpendero wake utang'ambika pang'ono. Ankafuna kuwauza kuti asiye, makina akhale choncho, iye abwerera ku mwala ndi beseni moyo wake wonse. Koma anawaleka apitirize.

A Mustapha anakoka ndi pulayala mosamala, namasula ulusi, natulutsa dzanja. Atayang'ana chimene anagwira, nthabwala zija zinawathera. Anadzuka, nachipukuta pa malaya awo, n'kuchipereka ndi manja awiri. Chikopa chinali chitafufuma ndi madzi, ndipo pa msoko pankatuluka inki yakuda imene inamudetsa Asiatu pa chikhatho.

"Ndi cha malemu?" anafunsa motsitsa mawu.

"Chinayenera kukhala mwa wakuda uja," anatero Asiatu. "Ndinaiwala ine."

Celestina anagwira pakamwa. A Mustapha anati, "Mayi, tsiku la munthu analemba ndi Mulungu. Kachikopa sikabweza mwera." Ananena zoona monga mmene ankazidziwira, ndipo Asiatu anavomera ndi mutu. Koma amene ankabwera mawa sanali a Mustapha, anali apongozi ake.

A Mustapha anabwezera paipi, namanga, nalumikiza moto. Anathira madzi pang'ono kuti ayese. Pampu inakoka, ngalande inalandira, mgolo unayamba kuzungulira mpaka makina onse kunjenjemera monga kale. Asiatu anatsukuluza zovalazo, nazifinya, naziyanika, ndipo ndi dzuwa limenelo zinauma asanaweruke. Kumadzulo anasoka mpendero uja.

Lachinayi abale anafika m'mawa, nayala mkeka pansi pa mtengo wa mango. Asiatu anabweretsa zovala zositidwa bwino n'kugwada pambali. Asanayambe kugawa, Abiti Chande anapempha kuti awapatse kabudula wotsalayo. Apa ndi pamene Asiatu anazindikira kuti sanali yekha amene funso lija linamudya miyezi inayi. Gogoyo anayendetsa zala zake mumpendero, pang'onopang'ono, kuchokera pa mfundo ya chingwe kuzungulira mpaka kubwerera pomwepo. Anabwerezanso kachiwiri. Kenaka nkhope yake inamasuka, misozi n'kuyamba kutsika.

"Alhamdulillah, Mulungu atamandike, mulibe," anatero. "Ndiye anapita nacho ndithu. Mwana wanga sanafe ali yekha. Undikhululukire, Asiatu, mtima wanga unkakukayikira."

Anatambasula dzanja kufunafuna la mpongozi wake. Asiatu anali atamanga chithumwa chija pa ngodya ya chitenje n'kuchipisa m'chiuno, ndipo chinali chisanaume, chinkamuzizira pakhungu. Anatsegula pakamwa, nayang'ana nkhope ya mayi uja, amene kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngozi ankaoneka ngati agona tulo. Anapereka dzanja.

"Palibe chokhululuka, amayi," anatero.