Tsamba la Loweruka

Holo ya m'dera lathu ndi imodzi, koma oifuna ndife ambiri: ife akwaya, osoka zovala, oyendetsa mabasi, a maukwati. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri sitinagundanepo pakhomo, chifukwa cha mayi wina amene tinkangowatchula kuti Mayi Buku.

Anali ndi katebulo kuseri kwa chitseko, ndipo patebulopo panali buku limodzi, tsiku lililonse tsamba lake. Ukafuna holo, unkabwera wekha. Iwo ankatsegula tsamba la tsikulo, kuona ngati maolawo ali opanda munthu, kulemba gulu lako, nthawi yolowa ndi yotuluka, n'kusiya ola lathunthu losesera. Za pafoni kapena zokumana pamsewu ankakana, ngakhale kwa atcheyamani a komiti. Tinkawanena kuti ndi ouma mtima. Ine ndemwe, mlembi wa kwaya, ndinawanenapo kwambiri, ndipo lero ndimachita nazo manyazi.

Sitinkadziwa kuti maso awo akuchita ng'ala. Anabisa chaka chonse, poopa kulandidwa makiyi, pakuti amuna awo atamwalira, holoyo ndiyo inkawadzutsa m'mawa. Buku lonse analisunga m'mutu. Masamba ankawerenga ndi zala.

Tsiku lina masamba awiri anamatirirana. Oyendetsa mabasi anapempha Loweruka masana kuti achite mapemphero okumbukira anzawo atatu amene anafa pangozi, ndipo zala zinadumpha tsamba, mayiwo n'kulemba pa Lamlungu. Patapita milungu, makolo a mkwatibwi wina anapempha Loweruka lomwelo. Mutu unawataya Mayi Buku kamodzi kokhako: anaiwala za oyendetsa mabasi aja. Bambo a mkwatibwi anasuzumira patsamba, naona kuti ndi loyera, ndipo mayiwo analemba.

Loweruka lija ndinalipo. Amasiye atatu anaima panja atanyamula zithunzi za amuna awo, m'kati anthu akupachika mabaluni. Palibe anatukwana, ndipo zinapweteka koposa. Amasiyewo anapemphera poimika magalimoto, dzuwa likuswa mtengo, nyimbo za ukwati zikutulukira pamawindo.

Lolemba komiti inawaitana Mayi Buku. Atcheyamani anawakankhira buku.

"Mayi, tiwerengereni tsamba la Loweruka."

Anapapasa, natsegula, n'kuyamba kutchula gulu ndi maola, mawu ali njo, chala chikuyenda pamizere. Sanaphonye dzina ngakhale limodzi. Tonse tinawerama. Buku linali chadodolido.

Atamva kuti chipinda chati zii, anadziwa. Anamasula makiyi pachingwe cha m'khosi n'kuwaika patebulo.

"Amene mumupatse, mumuuze kuti buku likhale limodzi," anatero. "Ndipo wina andiperekeze kwa amasiye aja. Njira sindiiona."

Ndinawagwira dzanja ndine. Panjira anandikumbutsa kuti kwaya yathu ili Lachinayi, kuyambira 4 koloko.