Mtolo Wachitatu wa Sufiyani

Ana a masiku ano amamudziwa Sufiyani ngati nkhalamba yogontha khutu limodzi, yokhalira kukonza mipando pakhonde ku Liwaladzi. Adziwe kuti manja amenewo adapinda zitsulo za milatho yomwe iwo amadutsapo akuseka. Ntchitoyi adaiphunzira ku Dwangwa pomwe ankamanga fakitale ya shuga, ndipo atabwerako adakwatira Rahila, mwana wa a Fakiri, nakhala chikamwini pakhomo pawo. Sadali munthu wa mawu ambiri. Amene amati adali waulesi ndi abodza, ndipo bodzalo lidayamba motere.

Chaka china mvula idakokolola kamlatho ka pamsewu wopita ku boma, galimoto zidaleka kufika. Anthu adagwirizana zomanga kena pa ntchito yodzithandiza, ndipo Sufiyani ndiye adapatsidwa za zitsulo. Zitsulozo zidali ku boma, choncho njira idali ya panyanja basi, pa boti la matabwa la apongozi akewo.

A Fakiri ankayeza katundu aliyense ndi matumba a simenti. Boti lawo linkanyamula matumba makumi anayi, ndiye kuti makilo 2,000, osapitirira. Ulendo woyamba adatenga mitolo itatu ya tizitsulo ta maringi omangira zitsulo zazikulu, ta mamilimita 8, ndipo Sufiyani adati katunduyo adali ngati matumba 14. Boti lidauluka.

Ulendo wachiwiri adakapeza padoko mitolo itatunso, uliwonse wa zitsulo makumi asanu zotalika mamita 12, zopinda pakati, monga zija zoyamba. Koma izi zidali za mamilimita 16. Padalinso a tcheyamani a nthambi ya chipani, baji pachifuwa, omwe adali atalonjeza akuluakulu kuti mlatho uyamba Lolemba. A Fakiri adagwira chitsulo chimodzi, nachiyerekeza ndi chala chawo. Adalengeza pamaso pa onse kuti chidali chonenepa kawiri poyerekeza ndi zija, ndiye kulemera kwake kawirinso: matumba 28, malo n'kutsala a Rahila yemwe adabwera kusikelo ndi khanda. A tcheyamani adawagwira chanza.

Sufiyani adakayika chiwerengerocho. Adapita kuseri kwa mitolo, nanyonyomala ngati akumanga chingwe, n'kuyamba kulemba ndi msomali pamchenga. Lamulo lomwe adaphunzira ku Dwangwa lidali lakuti kunenepa kwa chitsulo uchulukitse ndi kunenepa komweko, kenako ugawe ndi 162, upeza makilo a mita imodzi. Adachulukitsa 16 ndi 16, idakwana 256. Atagawa adapeza 1.58. Chitsulo chimodzi cha mamita 12 chidali pafupifupi makilo 19, mtolo umodzi pafupifupi 950, itatu pafupifupi 2,850. Adafufuta ndi phazi nayambiranso, yankho lomwelo. Chitsulo chikanenepa kawiri chimalemera kanayi, pakuti chimakula mbali zonse. Amenewo adali matumba 57, m'boti la matumba makumi anayi, nyengo ya mphepo ya mpoto, mkazi wake ndi mwana wake atakhala pamwamba.

Nanga akadanena bwanji? Mkamwini satsutsa apongozi pagulu. Amadya nawo motalikira, amayankhula atayang'ana pansi. Ndiponso Sufiyani ankawadziwa a Fakiri: chinthu chikalowa m'boti mwawo anthu akuona, sachitsitsa ngakhale nyanja itawalankhula yokha. Botilo mutu wake udali utatsamira pamchenga, kotero kulemera kwake kukadaoneka pokhapokha atalikankhira kwakuya, zonse zitatheka kale.

Sufiyani adamuitanira Rahila pambali namufotokozera. Rahila adapita kukagwada pafupi ndi bambo ake, nanong'ona. A Fakiri adaseka mokweza.

“Uwauze amuna akowo kuti nyanja sailemba pamchenga. Ine ndidayamba kupalasa iwo asadabadwe.”

Anyamata onyamula katundu adaseka nawo, namasula mtolo woyamba. Zitsulo zidayamba kulowa ziwiriziwiri, zikulira pamatabwa. Sufiyani adanyamula nawo, thukuta lili chuchuchu, akuwerenga chamumtima. Mtolo woyamba udatha. Rahila adali atakhala kale pathabwa la kumbuyo, khanda kubere, maso ali pa mwamuna wake. Sufiyani adamukodola kuti atsike, koma Rahila adapukusa mutu pang'ono. Kutsika kudali kunyoza bambo ake pamaso pa alendo.

Mtolo wachiwiri utatsala zitsulo zochepa, Sufiyani adapita kukakhala pa wachitatu, nayika manja pamawondo.

Zaidi, mkulu wa onyamulawo, adamuuza adzuke. Sufiyani sadasunthe. Adayankhula kwa a tcheyamani, osati kwa apongozi ake.

“Pepani bwana, ndalakwa ine. Mtolo uwu ndimayenera kuudula ndi kuupinda kuno ku boma, kumene kuli benchi yopindira zitsulo. Dzulo ndidachita ulesi. Ukapita chonchi ukangokhala.”

Lidali bodza. Benchi yopindira adali ataikhoma yekha ku Liwaladzi, ndipo a Fakiri ndiwo adamupatsa matabwa ake.

A tcheyamani adayandikira pang'onopang'ono. Adamufunsa dzina lonse, mudzi wake, ndi khadi lachipani. Sufiyani adalitulutsa m'thumba la malaya, lonyowa ndi thukuta. Iwo adalitembenuza, osamubwezera. Adafunsa ngati akudziwa dzina lomwe amapatsidwa munthu wochedwetsa chitukuko dala, ndiponso ngati alipo wina amene adamutuma. Masiku amenewo funso lotere linkatha kumuchotsa munthu pakhomo osabwereranso. Sufiyani adati palibe adamutuma, udali ulesi chabe. Zaidi adalavula pansi nati akamwini a masiku ano ndi otero, kudya kokha.

A Fakiri nkhope idali itachita mdima. Adamuyang'ana mkamwini wawo nthawi yaitali, osanena za benchi ija. Kenako adalamula kuti boti alikankhe ndi mitolo iwiri yomweyo.

Amuna adalikankha akubuula, mchenga ukukana. Litayandama lidakhala pansi ngati ng'ombe yotopa. Madzi adakwera, nakwera, nakaima pa thabwa lomwe a Fakiri sankalola kuti linyowe. Mitolo iwiri yokha idali matumba 38. A Fakiri adawerama, naika chikhatho pakati pa madzi ndi mlomo wa boti. Adayang'ana mtolo wotsala kumtunda, nayang'ana kunja kwa doko kumene mafunde adali atayamba kuyera.

“Rahila, tsika ndi mwanayo. Amuna ako agona kuno, adya chiyani?”

Rahila adatsika madzi akumufika m'chiuno, khanda ataliika paphewa. A Fakiri adatsitsanso mmodzi mwa anyamata awiri a m'botimo ndi thumba la mchere. Asadalize injini adatembenukira kwa a tcheyamani, nati mkamwiniyo ndi wawo, ulesi wake aulanga okha kunyumba, ndipo mtolo wotsalawo adzautenga mawa m'mamawa, Lolemba lisadafike.

Sufiyani adaimirira pamchenga mpaka boti lidatuluka padoko. Adaliona likumenyedwa ndi funde loyamba, likumira mutu, likudzuka mochedwa, mnyamata wotsala uja akukapa madzi osapuma. Lidapitirira.

Khadi lija adakalitenga madzulo, atakhala padzuwa kunja kwa ofesi ya chipani tsiku lonse. Usiku sadagone, ankadula zitsulo pa benchi yobwereka kuti bodza lake likhale loona. Mlatho udamangidwa, koma ukapitawo wa zitsulo udaperekedwa kwa wina, ndipo dzina la ulesi lidamukakamira zaka zambiri. Iye sadadziyeretse, poti kutero kudali kuvula apongozi ake. A Fakiri nawo sadaitchule nkhaniyi mpaka kumwalira kwawo. Kungoti kuyambira chaka chimenecho, katundu wachitsulo akabwera padoko, ankatuma Rahila kuti akafunse mwamuna wake kunyumba kuti ndi matumba angati.